Its kapena it's: funsani chiganizo, osati dikishonale

Mawu awiriwa, *its* ndi *it's*, onse ndi olembedwa bwino. Mukawafufuza m'dikishonale muwapeza onse. Ndiye munthu akalemba kuti *The dog wagged it's tail*, sanaphonye sipelo monga mmene amaphonyera wolemba *recieve* m'malo mwa *receive*. Iyeyu waika mwininkhani ndi mneni pamalo pofunika mawu osonyeza umwini, ndipo chiganizo chake, tikachitambasula, chikunena kuti *The dog wagged it is tail*. Kumeneku n'kuphwanya malamulo a chiyankhulo. Ine ndimaumirira pamfundo imeneyi chifukwa mankhwala ake ndi osiyana. Sipelo timachita kuloweza, koma izi kuloweza sikuthandiza, pakuti chiganizo chilichonse chimafuna kuchifunsa pachokha. N'chifukwa chakenso kamzere kofiira ka pakompyuta kapena pafoni, komwe kamagwira sipelo yolakwika, nthawi zambiri kamangokhala chete, ndipo foni zina zimachita kukuikirani nkhodolero pomwe simunaifune.

Nkhodolero ndi kachizindikiro kam'mwamba kaja timalemba mu *m'nyumba* ndi *n'zoona*. Ife olemba Chichewa tili ndi poyambira pabwino. Tikalemba *n'chabwino* timadziwa kuti tafupikitsa *ndi chabwino*, ndipo nkhodolero yaima pomwe tachotsa zilembo. *It's* ndi chimodzimodzi: ndi *it is* kapena *it has* wofupikitsidwa, basi. Alibe tanthauzo lachitatu. Pamene *its* wopanda nkhodolero ndi *-ake* wathu uja: mchira wake, denga lake, mtengo wake, ntchito zake.

Choyamba: tambasulani mawuwo

Paliponse mwalemba *its* kapena *it's*, werengani mokweza mukuika *it is*. Zikakana, yesani *it has*. Chimodzi mwa ziwirizi chikalowa bwinobwino, lembani nkhodolero. Zonse zikakana, isiyeni.

*It's cold in Dedza* akutambasuka kukhala *it is cold in Dedza*, ndipo zikumveka. *It's been raining since morning* akukana *it is* koma akulola *it has been raining*. Koma *The school lost its roof* akukana zonse ziwiri, chifukwa *lost it is roof* ndi *lost it has roof* si Chingerezi.

Ambiri amayesa *it is* yekha, akakana n'kuthamangira kuchotsa nkhodolero. Apa ndi pomwe pamabadwira *Its been a long day*, chomwe ndi cholakwika. Mukaona kutsogolo kuli mawu ngati *been, taken, gone, become* kapena *got*, ganizirani *it has* msanga.

Chachiwiri: ikani his pamalo pomwepo

Njira yoyamba imakuuzani pofunika nkhodolero. Iyi imakutsimikizirani posafunika. Chotsani mawu mukuwakayikirawo muike *his*. *The school lost his roof* ndi chiganizo chachilendo, poti sukulu si bambo, koma mafupa ake ndi olunjika: mwininkhani, mneni, kenako mwini ndi chinthu chake. Ndiye pamenepo ndi pa *its*. Yesani pa chiganizo cha Dedza chija: *His cold in Dedza* chagwa, chilibe mneni.

Njirayi ndimaikonda chifukwa imayankhanso funso lomwe ophunzira ochenjera amafunsa, ndipo ndi funso labwino. Amati: ngati timalemba *the dog's tail* ndi nkhodolero, bwanji osalemba *it's tail*, poti umwini ndi womwewo? Yankho ndi lakuti *its* si dzina lomwe laphatikizidwa *'s*. Ndi wa m'banja la *my, your, his, her, our, their*, ndipo m'banjali mulibe wovala nkhodolero. Palibe amalemba *hi's*. Achibale awo enanso, *yours, hers, ours, theirs* ndi *whose*, ndi chimodzimodzi. Wosiyana ndi *one's* yekha, monga mu *one's own country*, pamodzi ndi mawu ngati *someone's, everybody's* ndi *each other's*, omwe amatsata lamulo la mayina.

Wofunsa funso limeneli asachite manyazi, chifukwa eni chiyankhulowo anavutika nalo zaka zambiri. Kale Chingerezi chinalibe *its*. Chinthu chopanda moyo chinkatenganso *his*. M'Baibulo la King James la 1611, pa Mateyu 5:13, pomwe pakukambidwa za mchere wosukuluka, mawu ake ndi akuti *if the salt have lost his savour*. *Its* anayamba kuoneka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1500, ndipo m'zaka za m'ma 1600 ndi 1700 anthu ophunzira ambiri ankamulemba ndi nkhodolero. Thomas Jefferson wa ku America ankalemba *it's* posonyeza umwini. Nthawi imeneyo zinalibe vuto kwenikweni chifukwa pofupikitsa *it is* ankakonda kunena *'tis*. Pamene *'tis* anazilala, *it's* n'kulowa m'malo mwake, mawu awiri anayamba kulimbirana malembedwe amodzi, ndipo m'zaka za m'ma 1800 waumwini uja anasiyiratu nkhodolero. Lero lamuloli lidakhazikika, wochonga mayeso a Fomu 4 kapena bwana wowerenga kalata yanu yofunsira ntchito sangakumvereni za Jefferson.

Chachitatu: werengani aneni

Apa ndi pomwe pali mtima wa nkhaniyi. Nthambi iliyonse ya chiganizo cha Chingerezi imafuna mwininkhani ndi mneni wake. *It's* amabwera atanyamula zonse ziwiri. *Its* sanyamula mneni, amangoima kutsogolo kwa dzina kudikira kuti dzinalo lipeze mneni wake kwina.

Taonani ziganizo ziwiri izi zomwe zikuyamba mofanana m'kamwa:

*It's time to harvest.*

*Its time has come.*

Amene anaphunzitsidwa kuti "kutsogolo kukakhala dzina, lembani *its*" agwa pa chiganizo choyamba, chifukwa *time* ndi dzina m'ziganizo zonse ziwiri. Lamulo lachidule limenelo ndi losocheretsa, musalitsate. M'malo mwake fufuzani mneni. M'chiganizo chachiwiri muli kale *has come*, ndiye mukaonjezera *is* wobisala mu *it's*, aneni achuluka: *it is time has come*. M'chiganizo choyamba, *to harvest* sangaimike chiganizo payekha. Mukachotsa *is* wobisala uja, chiganizo chatsala chopanda mneni. Choncho mneni akasowa, mukufuna *it's*. Akakhalapo kale, mukufuna *its*.

Pali malo ena ovuta pang'ono, pomwe kutsogolo kuli mawu othera ndi *-ing*. *It's being repaired* ndi *it is being repaired*, chinthucho chikukonzedwa. Koma mu *We were surprised at its being so cheap*, mwininkhani ndi *we*, mneni ndi *were*, ndipo *being so cheap* akugwira ntchito ya dzina, kutchipa kwake. Yesani *his*: *surprised at his being so late* ndi Chingerezi chabwino. Ndiye apa nkhodolero ayi. Ziganizo zotere mumazipeza m'malipoti ndi m'makalata a boma, ndipo wongoyang'ana mawu oyandikana nawo osawerenga chiganizo chonse amalakwitsa.

Mudziwenso malire a *it's*. Sathera chiganizo: timati *Yes, it is*, osati *Yes, it's*. Ndiponso *it has* amafupika pokhapokha *has* akuthandizira mneni wina. Akamatanthauza kukhala ndi chinthu, mulembeni yense: *It has four legs*, osati *It's four legs*, chifukwa wowerenga amva ngati mukuti chinthucho ndi miyendo inayi. Nanga *its'*, nkhodolero ili kumapeto? Mawu amenewo kulibe. Ndipo m'kalata yantchito kapena m'chimangirizo cha mayeso, njira yosavuta ndi kulemba *it is* ndi *it has* mosafupikitsa. Mukatero, *it's* aliyense wopezeka papepala lanu ndi wofunika kumufunsa mafunso.

Mungathenso kudzifunsa m'Chichewa: kodi apa pali *-ake*? Ngati alipo, ndi *its*. Koma njirayi isakhale yokhayo, chifukwa ife bungwe kapena kampani timaitchula mwaulemu kapena mochulukitsa, "akampani akweza mitengo yawo", pomwe Chingerezi chimati *The company has raised its prices*. Mayeso atatu omwewa amagwiranso pa *whose* ndi *who's*, *your* ndi *you're*, *their* ndi *they're*: wokhala ndi nkhodoleroyo ndiye wabisa mneni.

Chachinayi: pa mayina, pezani mwini musanagwire nkhodolero

Anthu ambiri amalemba mawu onse kaye, *the farmers maize*, kenako n'kumayang'ana kuti kachizindikiroka akaike kumanzere kapena kumanja kwa *s*, ngati nkhani ya maere. Yambirani kwina. Tembenuzani mawuwo monga timayankhulira ife, chinthu patsogolo mwini pambuyo: chimanga cha ndani? Cha mlimi kapena cha alimi? M'Chingerezi, *the maize of the farmer* kapena *the maize of the farmers*?

Mukapeza mwiniyo, mulembeni ndendende mmene waonekera pambuyo pa *of*, osasintha chilembo. Kenako ikani nkhodolero pomwe dzinalo lathera. Pomaliza onjezani *s*, kupatula ngati dzinalo ndi lochulukitsa lothera kale ndi *s*.

Mlimi mmodzi: *farmer*, nkhodolero, *s*, zatipatsa *the farmer's maize*. Alimi ambiri: *farmers*, nkhodolero, ndipo *s* alipo kale, zatipatsa *the farmers' maize*. Ana: *children* ndi ambiri kale koma dzinali silithera ndi *s*, ndiye *the children's porridge*. Chimodzimodzi *women's, men's, people's*. Kulemba *childrens'* n'kunena kuti mwini ndi *childrens*, mawu omwe kulibe. Podziyesa, phimbani ndi chala nkhodolero ndi zonse za kumanja kwake. Chomwe chatsala kumanzere ndiye mwini amene mwauza wowerenga. Mukaphimba *ladie's* patsala *ladie*, ndipo mwadziwa kale kuti zalakwika. *Lady's* ndi za mayi mmodzi, *ladies'* ndi za amayi ambiri.

Kuti iyi ndi nkhani ya tanthauzo, onani kalendala yathu. Pa 3 Marichi timakumbukira anthu ambiri omwe anafera dziko lino, ndiye ndi *Martyrs' Day*. Wolemba *Martyr's Day* wachepetsa onsewo kukhala munthu mmodzi. M'chikalata cha malo kapena cha chuma cha masiye, *my brother's children* ndi *my brothers' children* ndi magulu awiri osiyana a ana, ndipo kusiyana kwake kungathe kufikitsa abale kubwalo la milandu.

Umboni wina woti *'s* ndi wa galamala ndi malo omwe amamatirira. Samamatira ku dzina la mwini lokha koma kumapeto kwa gulu lonse la mawu ofotokoza mwiniyo. Timati *the Bishop of Zomba's car*. Galimoto si ya Zomba, ndi ya bishopu, koma *'s* wakakhala kumapeto kwa *the Bishop of Zomba* yense. N'chimodzimodzi *my mother-in-law's garden*, pamene kuchulukitsa kumalowa mkati: *mothers-in-law*. Lamulo lomweli limasiyanitsa *Chisomo and Tadala's shop*, sitolo imodzi ya anthu awiri, ndi *Chisomo's and Tadala's shops*, aliyense yake.

Nthawi nayonso imatenga nkhodolero ngakhale palibe mwini weniweni: *a day's work, one month's salary, two weeks' notice*. Njira ya *of* ikugwirabe, *notice of two weeks*, ndiye nkhodolero ibwera pambuyo pa *weeks*. Koma *two weeks ago* ndi *for two weeks* alibe dzina lomwe akulifotokoza, choncho alibenso nkhodolero.

Pali malo amodzi pomwe nkhaniyi imakhaladi ya kalembedwe chabe, ndipo sindifuna muvutike napo. Dzina la munthu mmodzi lothera ndi *s*, monga *James*, ena amalemba *James's book*, ena *James' book*. Zonse n'zololedwa, tanthauzo silisintha. Sankhani imodzi muisunge m'chikalata chonse. Ine ndimalemba mmene ndimatchulira, ndipo poti ndimamva *s* wachiwiri, ndimalemba *James's*.

Chachisanu: s wongochulukitsa ndi s wa mneni asiyeni okha

Pazikwangwani za m'misika mumaona *tomato's, phone's for sale, we repair radio's*. Funsani funso lija: cha ndani? Mafoniwo alibe chawo, angochuluka. Ndiye *tomatoes, phones, radios*. Mneni nayenso satenga nkhodolero: *she says, he wants, it works*. Chingerezi chili ndi *s* wa mitundu inayi kumapeto kwa mawu, wochulukitsa, wa mneni, waumwini ndi wofupikitsa *is* kapena *has*, ndipo m'kamwa onse amamveka chimodzimodzi. Khutu silingakuthandizeni kuwasiyanitsa.

Tikonze ndime imodzi pamodzi

Tiyerekeze kuti mlembi wa kalabu ya alimi walemba izi kuti zipite kwa alangizi:

*The club held it's meeting on Monday. Its clear that the members contributions are late. The treasurer say's the maize mill has lost it's belt, and its been idle for two week's. The childrens porridge fund will be discussed after two weeks notice.*

Tengani cholembera muzungulize *its* ndi *it's* aliyense, komanso mawu alionse othera ndi *s* omwe mukuwakayikira. Kenako muwatenge limodzilimodzi.

*Held it's meeting*: *held it is meeting* akukana, *held it has meeting* akukananso, *held his meeting* akuima. Mneni *held* alipo kale. Msonkhano wake, ndiye *its*.

*Its clear that*: nthambi yoyambayi ilibe mneni. Musanyengedwe ndi *are* ali kutsogoloyo, iye ndi wa nthambi ina yomwe yayamba ndi *that*, ndipo mwininkhani wake ndi *contributions*. *It is clear* akulowa, ndiye *It's clear*, kapena poti ili ndi lipoti, *It is clear*.

*The members contributions*: zopereka za ndani? Za mamembala, ambiri. *Members*, nkhodolero, *s* alipo kale: *members' contributions*. Kukanakhala kuti wachedwa ndi membala mmodzi tikanalemba *member's*, ndipo apa mlembi yekha ndi amene akudziwa zoona zake. Wokonza chikalata cha mnzake ayenera kufunsa, asangoganizira.

*Say's* ndi mneni, msungichuma akunena. Palibe umwini, palibe chilembo chachotsedwa: *says*.

*Lost it's belt*: lamba wake wa chigayo. Mneni ndi *has lost*. Ndiye *its belt*.

*Its been idle*: *it is been* akukana, koma musaime pomwepo. *It has been idle* akulowa. Ndiye *it's been*, kapena *it has been*. Taonani kuti m'chiganizo chimodzichi mlembi anatembenuza onse awiri, waumwini anamupatsa nkhodolero, wofupikitsa n'kumumana. Zimenezi zimachitika kawirikawiri kwa munthu amene anamva kuti nkhodolero ndi ya umwini koma sanauzidwe kuti alowam'malo ali ndi lamulo lawo.

*For two week's*: masabata awiri, kuchulukitsa chabe, palibe dzina likutsatira: *two weeks*. Koma kumapeto kwa ndime, *two weeks notice* ndi *notice of two weeks*, choncho *two weeks' notice*. Mawu ndi omwewo, m'ndime imodzi, koma ntchito ziwiri.

*The childrens porridge fund*: mwini ndi *children*, ndiye *children's*.

Ndime yokonzedwa ikhala motere:

*The club held its meeting on Monday. It is clear that the members' contributions are late. The treasurer says the maize mill has lost its belt, and it has been idle for two weeks. The children's porridge fund will be discussed after two weeks' notice.*

Ngati chikalata chanu n'chachitali ndipo chili pakompyuta, dinani Ctrl+F, mulembe *it's*, muone malo onse mmodzimmodzi mukutambasula mokweza. Mukatha fufuzaninso *its*, komano apa dziwani kuti kompyuta ikuonetsaninso mawu ngati *units* ndi *benefits*. Ikani mpata kumanzere kwa *its* kuti muwapewe. Musagwiritse ntchito Replace All, chifukwa monga taonera m'ndime ya kalabu ija, mwa malo anayi, awiri ankafuna *its* ndipo awiri ankafuna *it's*.

Kwa aphunzitsi, pempho langa ndi lakuti mukapeza *it's tail* m'kope la mwana, musangolemba kuti sipelo n'kumuuza alembe mawuwo kakhumi. Akalemba *its* kakhumi, mawa adzalemba *its raining*. Muuzeni awerenge chiganizo chakecho mokweza ataika *it is*, kenako akulozereni mneni ndi chala. Mupatseni ziganizo ziwiriziwiri zofanana m'kamwa, monga *It's time to harvest* ndi *Its time has come*, kapena *the girl's books* ndi *the girls' books*, ndipo pa chilichonse anene m'Chichewa kuti mwini ndani, alipo angati, nanga mneni ali pati.